Nyenyezi zikumatuluka msanga usiku uliwonse, chikuchitika n'chiyani?

Bambo a Tiya: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, odziwa andithandize. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda kuno ku Lilongwe, ndiye usiku wonse ndimakhala panja. Pali nyenyezi zitatu zondondozana zija, kwathu timati Akamwiniatsatana. Tsiku loyamba la Sepitembala zinkatulukira pamwamba pa denga la nyumba yosungira katundu cha m'ma 1:15 usiku, ndipo ndikangoziona ndinkadziwa kuti yakwana nthawi yozungulira mpanda kachiwiri. Usiku wathawu, pa 19 Okutobala, ndaziona pamalo omwewo 10 koloko itangokwana kumene. Mpando wanga sunasunthe, denga silinasunthe, foni ikuyenda bwino. Nanga maola atatuwo apita kuti?

Mayi a Chisomo: Ndi nyengo imeneyo bambo. Mwezi uno kukucha msanga, ine 5 koloko ndikumapeza kunja kwayera kale pomwe mu Juni kumakhala kuli mdima wa ndiweyani. Zonse zakumwamba zimafulumira nyengo yotentha.

Bambo a Tiya: Kucha ndikuvomereza mayi, koma kucha kwasuntha ndi pafupifupi ola limodzi kuchokera mu Juni mpaka pano. Nyenyezizi zasuntha maola atatu pasanathe n'komwe miyezi iwiri. Komanso ndakhala ndikuona kuti ngakhale mu Meyi, nthawi imene kucha kumachedwa, nyenyezi zimafulumirabe.

Mnyamata wa Fomu 4: Tinaphunzira zimenezi. Dziko silitenga maola 24 kuti litembenuke kamodzi, limatenga maola 23 ndi mphindi 56. Mphindi 4 zotsalazo zimasonkhana, ndiye n'chifukwa chake pakatha zaka zinayi Febuluwale amakhala ndi masiku 29.

Mphunzitsi Wopuma: Mnyamata wanga, theka loyambalo wakhoza, koma la Febuluwalelo tiliike kaye pambali, tibwererako. Bambo a Tiya, zimene mwaonazo ndi zoona ndipo ziwerengero zanu zikugwirizana bwino kwambiri. Kuchokera usiku woyambawo kufika pa 19 Okutobala ndi masiku 49. Nyenyezi iliyonse imabwerera pamalo amodzimodzi mofulumirako ndi mphindi 3 ndi masekondi 56 usiku uliwonse. Mukachulukitsa ka 49 mupeza maola 3 ndi mphindi 13. Chotsani zimenezo pa 1:15, mufika pa 10:02 usiku. Ndiye foni yanu ilibe mlandu.

Chimene chikuchitika n'chakuti tili ndi masiku a mitundu iwiri. Dziko limatembenuka lokha cha kum'mawa, ndipo kuti litembenuke kamodzi kathunthu pamatenga maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4. Limeneli ndi tsiku la nyenyezi, chifukwa nthawi imeneyi ikatha nyenyezi imene inali pamwamba pa denga lanu imapezekanso pomwepo. Koma mawotchi athu sanapangidwe motsatira nyenyezi. Anapangidwa motsatira dzuwa, kuchokera pamene lili paliwombo lero kufika pamene likhalenso paliwombo mawa. Limeneli ndi tsiku la dzuwa, la maola 24, ndipo ndi lotalikirapo.

Nankhoma: Aphunzitsi, pamenepo ndiye pandisokoneza. Ngati dziko latembenuka kamodzi kathunthu, zonse zakumwamba zikuyenera kubwerera pamalo ake, dzuwa ndi nyenyezi zomwe. Dzuwalo likutsalira chifukwa chiyani?

Mphunzitsi Wopuma: Funso lenileni ndi limenelo mayi. Likutsalira chifukwa dziko silitembenukira pamalo amodzi. Pamene likutembenuka, likuyendanso ulendo wake wozungulira dzuwa, ndipo pa tsiku limodzi limayenda makilomita oposa 2.5 miliyoni. Ulendo wonse ndi madigiri 360 pa masiku 365, ndiye tsiku lililonse timasuntha pafupifupi digiri imodzi. Tikamaliza kutembenuka kamodzi, dzuwa silikhalanso mbali imene tinalisiya dzulo, chifukwa ife tasuntha. Dziko liyenera kutembenukabe digiri ina imodzi yowonjezera kuti tiliyang'anenso maso ndi maso. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi 4. Mphindi zinayi zija zikuchokera pamenepo.

Nyenyezi sizifuna digiri yowonjezerayo chifukwa zili kutali zedi. Kuwala kwa dzuwa kumatifika pa mphindi 8 zokha. Kuwala kwa Siliyasi, nyenyezi yowala kwambiri ija imene imatuluka patapita pafupifupi ola Akamwiniatsatana atatuluka, kumatenga zaka zoposa 8 kuti kutifike, chonsecho imeneyo ndi imodzi mwa zapafupi. Kusuntha kwathu kwa tsiku limodzi sikusintha mbali imene timaonera chinthu chakutali chonchi.

Nankhoma: Ndamva pang'ono, koma m'mutu sizinakhazikike.

Mphunzitsi Wopuma: Chitani izi mawa kukacha. Pezani mtengo wa mango pamalo poti phiri likuoneka patali. Imani moyang'ana mtengowo, phiri lili kuseri kwake, kuti zonse ziwiri zikhale kutsogolo kwanu. Kenako yendani chammbali mozungulira mtengowo, nkhope yanu isachoke pa mtengo. Mukayenda pang'ono muona kuti phiri layamba kuoneka chapambali. Mukafika mbali ina ya mtengo phiri lili kumbuyo kwanu. Mukabwerera pamene munayambira lili kutsogolo kwanunso. Mtengo ukanakhala ndi pakamwa ukananena kuti simunatembenuke n'komwe, popeza nthawi yonseyi mumauyang'ana. Koma phiri laona nkhope yanu, phewa, msana, phewa lina, nkhopenso. Kwa phiri mwatembenuka kamodzi kathunthu.

Mtengowo ndi dzuwa, phiri ndi nyenyezi. Ulendo umodzi wozungulira dzuwa umabisa kutembenuka kumodzi kumene dzuwa silikuwerengera koma nyenyezi zikuwerengera. N'chifukwa chake pa chaka cha masiku 365 dziko limatembenuka ka 366. Kutembenuka kumodzi kowonjezerako, kwa maola 24, mukakugawa pa masiku onse a chaka kumapereka mphindi pafupifupi 4 pa tsiku.

Nankhoma: Eya, tsopano zamveka. Ndayesa pompano ndi mpando pabalaza, chitseko n'kukhala phiri.

Achimwene a ku Kepi: Ndiye mukutanthauza kuti maola 24 aja anatinamiza? Bwanji osangokonza mawotchi kuti aziyenda ndi tsiku lenilenilo la 23:56?

Mphunzitsi Wopuma: Sanatinamize achimwene, masiku onse awiri ndi enieni, amangoyeza zinthu zosiyana. Tikanati tiziyendera la nyenyezi, wotchi bwenzi ikuthamangira kutsogolo kwa dzuwa ndi mphindi 4 tsiku lililonse. Pakatha mwezi, 12 koloko masana ikanamakwana dzuwa lisanafike paliwombo ndi maola awiri. Pakatha miyezi itatu ikanamakwana dzuwa likungotuluka, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi ikanamakwana pakati pa usiku. Kulima, sukulu, msika, zonse zimayendera dzuwa. Mawotchi a tsiku la nyenyezi alipo ndithu, koma amagwiritsidwa ntchito ndi akatswiri a zakuthambo, chifukwa pa wotchi yoteroyo nyenyezi imodzi imafika pamalo ake nthawi yomweyomweyo chaka chonse.

Mnyamata wa Fomu 4: Nanga za Febuluwale zija aphunzitsi?

Mphunzitsi Wopuma: Werengera wekha. Mphindi 3 ndi masekondi 56 kuchulukitsa ka 365 zikukupatsa chiyani?

Mnyamata wa Fomu 4: Ndapeza maola 23 ndi mphindi 56 pafupifupi. Tsiku lathunthu.

Mphunzitsi Wopuma: Tsiku lathunthu pa chaka chimodzi chokha. Zikanakhala kuti mphindi zimenezi ndi ngongole imene kalendala ikuyenera kubweza, bwenzi tikuwonjezera tsiku chaka chilichonse, osati pa zaka zinayi. Koma palibe ngongole, chifukwa wotchi inaziphatikiza kale m'maola 24 aja. Za 29 Febuluwale gwero lake ndi lina. Ulendo wozungulira dzuwa sutha pa masiku 365 ndendende, umapitirira ndi maola pafupifupi 6. Maola 6 kanayi ndi tsiku limodzi. Nkhani ziwirizi zimasakanizidwa kawirikawiri chifukwa monsemo muli nambala 4, koma ina ikunena za kutalika kwa tsiku, ina za kutalika kwa chaka.

Bambo a Tiya, zimenezi zikukupatsaninso njira yoyesera. Popeza mphindizo zimakwana tsiku lathunthu pa chaka, pa 19 Okutobala chaka chamawa Akamwiniatsatana adzakhala pamwamba pa denga lomwelo 10 koloko yomweyo. Kusiyana kungakhalepo ndi kwa mphindi imodzi kapena zitatu basi, chifukwa cha maola 6 aja.

Che Msodzi: Ine zimenezi sindikugwirizana nazo kwenikweni. Ife kunyanja kuno timapha usipa ndi nyali, ndiye mwezi timautsatira kuposa wina aliyense chifukwa ukawala usipa subwera ku nyali. Mwezi sufulumira ayi, umachedwa. Ukatuluka 7 koloko lero, mawa utuluka cha m'ma 8. Ndiye mphindi zinayi zofulumirazo ine sindinazionepo. Komanso Nthanda, bambo anga ankadzukira imeneyo miyezi ingapo yotsatizana, ndipo inkatuluka nthawi imodzimodzi tambala asanalire kachiwiri. Ikanamafulumira maola awiri pa mwezi bwenzi akudzuka pakati pa usiku.

Mayi a Chisomo: Apo ndiye anena zoona a Che. Nthanda sisintha.

Mphunzitsi Wopuma: Zonse ziwiri mwaona bwino a Che, ndipo sizikutsutsana ndi za nyenyezi. Lamulo la mphindi zinayi limagwira pa zinthu zokhazo zimene zili kutali kwambiri moti sitiziona zikusuntha pakati pa zinzake. Mwezi uli pafupi ndipo ukuzungulira dziko, ndiye usiku uliwonse umasunthira kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 13. Dziko liyenera kutembenuka kwambiri kuti liupeze, n'chifukwa chake umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 pa tsiku, nthawi zina zochepera, nthawi zina zoposa. Mungoti nyenyezi ndiye zofulumira, dzuwa limatsalira pang'ono kumbuyo kwa nyenyezi, mwezi umatsalira kwambiri.

Nthanda si nyenyezi ngati zinazo, ndi pulaneti, dziko linzathu limene likuzungulira dzuwa njira yamkati kuposa yathu. Chifukwa cha zimenezo sitalikirana ndi dzuwa kuposa madigiri 47. Dzuwa likamasuntha digiri imodzi pa tsiku pakati pa nyenyezi, Nthanda imapita nalo limodzi. Ndiye imasunga nthawi ya dzuwa, osati ya nyenyezi, ndipo bambo anu anasankha wotchi yabwino. Koma muwafunse akuluakulu, akuuzani kuti pamafika nthawi imene imasowa m'mawa, kenako n'kuyamba kuoneka madzulo kumadzulo. Kuchokera pamene yayamba kuoneka m'mawa kufika pamene idzayambenso, pamapita masiku pafupifupi 584.

Che Msodzi: Kusowako ndikukudziwa. Koma yamadzuloyo ife timati ndi ina.

Mphunzitsi Wopuma: Ambiri amatero, ndipo m'madera ena ili ndi dzina lakelake. Chizindikiro chake n'chakuti simudzaziona zonse ziwiri zikuwala bwino nyengo imodzi. Yam'mawa ikakhalapo yamadzulo kulibe.

Che Msodzi: Ndiziyang'anira. Chaka china ndinaona yowala kum'mawa mbandakucha ndi ina yowala madzulo ake omwewo.

Mphunzitsi Wopuma: Zimatheka imodzi mwa ziwirizo inali Jupita, nayenso amawala kwambiri. Popanda kudziwa mwezi ndi chaka sindingathe kunena motsimikiza.

Nankhoma: Ine ndikufuna ndiyeze ndekha ndi ana kunyumba kuno. Ndiyambire pati? Ndingodikira nyenyezi ituluke kum'mawa n'kulemba nthawi?

Mphunzitsi Wopuma: Kutuluka musayezere mayi, makamaka mwezi uno. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba m'munsi mwa thambo, ndiye nyenyezi mumayamba kuiona itakwera kale, lero pamwambako, mawa pansiko. Kuona chinthu chikubisala n'kosavuta kuposa kudikira chimene sichinaoneke. Sankhani nyenyezi yowala ya kumadzulo imene ikutsikira kuseri kwa denga kapena khoma. Masiku ano kukangoda, kumadzulo kuli nyenyezi yofiirira yotchedwa Antaresi, ili pakati pa gulu looneka ngati chinkhanira chopinda mchira. Imalowa cha m'ma 8:30 usiku, ndiye kuseri kwa denga ibisala nthawi yabwino ana asanagone.

Chofunika kwambiri ndi diso lanu. Liyenera kukhala pamalo amodzimodzi usiku uliwonse. Khomani kachitsulo kapena kakatoni pa mzati kapena pa felemu la zenera, mubowole kabowo kakang'ono ngati ka msomali, muziyang'anira pamenepo. Dengalo likhalenso lakutali. Ngati lili pa mamita 5 ndipo diso lanu lakwera kapena kutsika ndi sentimita imodzi yokha, nthawi isintha ndi masekondi pafupifupi 27. Ngati lili pa mamita 30, sentimita yomweyo ingosintha masekondi 5. Mtengo musagwiritse ntchito, nthambi zimagwedezeka. Mwana mmodzi agwire foni yoonetsa masekondi, wina ayang'ane, ikangozima afuule.

Bambo a Tiya: Ndiye kuti ineyo ndi mpando wanga uja ndinangochita mwayi?

Mphunzitsi Wopuma: Si mwayi ayi. Inu munayeza pa masiku 49. Ngakhale mutaphonya ndi mphindi 5, mukagawa pa masiku 49 zikungokhala masekondi 6 pa tsiku. Kutalika kwa nthawi ndi kumene kunakuthandizani.

Achimwene a ku Kepi: Kuno ku Cape Town nyenyezi zinayi za mtanda zija sizilowa n'komwe, ndimaziona ndikamapita kuntchito mbandakucha komanso ndikamabwera usiku. Zimenezo mphindi zinayi zimazikhudza bwanji poti sizituluka?

Mphunzitsi Wopuma: Zimazikhudza chimodzimodzi. Kumeneko muli kum'mwera kwambiri, pa madigiri 34, ndiye mtandawo umangozungulira osafika pansi, pomwe kuno kwathu umalowa. Koma kuzungulira kwakeko kumatenganso maola 23 ndi mphindi 56. Muziuyang'ana 9 koloko usiku. Mu Meyi mudzaupeza uli pamwamba woimirira, mu Ogasiti wagona chammbali kumadzulo, mu Novembala uli pansi chadodolido. Mphindi zake ndi zomwezo kulikonse padziko, kaya ku Mzuzu, kaya ku Mangalande.

Pa 30 Okutobala

Nankhoma: Ndabwera ndi zotsatira. Tinagwiritsa ntchito denga la tchalitchi, lili kutsidya kwa msewu. Kabowo tinabowola pa chitini chakale n'kukhoma pa mzati wa khonde. Pa 22 inabisala 7:41:10. Pa 23 inali 7:37:30. Pa 24 inali 7:33:05. Kenako kunachita mitambo masiku angapo. Dzulo pa 29 inali 7:13:50. Chikundivuta n'chakuti tsiku loyamba kusiyana kunali mphindi 3 ndi masekondi 40, tsiku lachiwiri mphindi 4 ndi masekondi 25. Palibe pamene tapeza 3:56. Kodi dziko limathamanga mosinthasintha?

Mnyamata wa Fomu 4: Mwina inde, tinaphunzira kuti mu Januwale dziko limathamanga kwambiri chifukwa limayandikira dzuwa.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, ntchito mwagwira yabwino. Musayang'ane masiku oyandikana, tengani loyamba ndi lomaliza. Kuchokera 7:41:10 kufika 7:13:50 ndi mphindi 27 ndi masekondi 20, amene ndi masekondi 1,640. Gawani pa masiku 7, mupeza masekondi 234, kutanthauza mphindi 3 ndi masekondi 54. Mwaphonya ndi masekondi awiri okha pa tsiku. Tsiku lachiwiri lija munachedwa ndi masekondi 16, lachitatu munafulumira ndi 13, ndipo kusokonekera kopita uku ndi uku chonchi kumasonyeza diso kapena chala cha wogwira foni. Kabowo kakakhala kakakulu diso limayendayenda mkati mwake. Zikanakhala kuti kusiyanako kukungopita mbali imodzi tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo mphindi 3 zokhazokha, ndikanakayikira kuti mwasankha pulaneti m'malo mwa nyenyezi.

Mnyamata wanga, zimene wanenazo ndi zoona koma zikukhudza ulendo wozungulira dzuwa, osati kutembenuka. Kutembenuka kwa dziko n'kokhazikika kwambiri, kusintha kwake ndi tizigawo ting'onoting'ono ta sekondi timene sitingaoneke ndi chitini. Limene limasinthasintha ndi tsiku la dzuwa.

Mayi a Chisomo: Ndiye ngakhale maola 24 aja si okhazikika?

Mphunzitsi Wopuma: Maola 24 ndi apakatikati pa chaka chonse. Digiri yowonjezera ija sikhala yofanana tsiku lililonse, chifukwa dziko limathamangako likayandikira dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, n'kuchedwako likatalikira mu Julayi, komanso chifukwa ndi lopendekeka. Chakumapeto kwa Disembala, kuchokera paliwombo kufika paliwombo pamatenga maola 24 ndi masekondi 30. Pakati pa Sepitembala pamapereweza masekondi pafupifupi 20. Masekondi amenewa amasonkhana. Ku Lilongwe sabata yamawayi dzuwa lizifika pachimake cha m'ma 11:28, koma pakati pa Febuluwale lizidzafika cha m'ma 11:59. Amene ali ndi mzati woongoka pabwalo ayeze nthawi imene chithunzithunzi chake chimafupika kwambiri.

Mayi a Chisomo: Kupendekekako kukulowamo bwanji? Kuthamanga ndamva, koma kupendekeka ndinkayesa n'kwa nyengo basi.

Mphunzitsi Wopuma: Kumalowamo ndithu, ndipo mphamvu yake imaposa ya kuthamangako. Mwachidule, m'Malichi ndi mu Sepitembala dzuwa limayenda mopingasa, mbali ina ya digiri ija imathera kupita kumpoto kapena kum'mwera, ndiye ya kum'mawa imachepa. Mu Juni ndi mu Disembala yonse imapita kum'mawa. Koma imeneyi imafuna chojambula, pa mawu okha ndingokusokonezani.

Mayi a Chisomo: Mwandisokoneza kale aphunzitsi. Mudzajambule.

Achimwene a ku Kepi: Kupatula kudziwa chabe, mphindi zinayizi zinathandizapo munthu pa china chake?

Mphunzitsi Wopuma: Zinathandiza kutulukira chinthu chachikulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, injiniya wina dzina lake Karl Jansky ankagwira ntchito ku Bell Telephone Laboratories, ku Holmdel m'chigawo cha New Jersey ku Amereka. Anapatsidwa ntchito yofufuza phokoso limene linkasokoneza mafoni a wailesi owoloka nyanja ya Atlantiki. Anamanga mlongoti waukulu wozungulira pa matayala a galimoto kuti adziwe kumene phokoso likuchokera. Lina anapeza kuti ndi la mphenzi zapafupi, lina la mphenzi zakutali. Koma panatsala kaphokoso kena kosalekeza kamene kankakula kamodzi pa tsiku. Poyamba anaganiza kuti ndi dzuwa, chifukwa kankachokera mbali imene kunali dzuwa. Miyezi itapita anaona kuti kakusiyana ndi dzuwa, kakufika msanga tsiku lililonse, ndipo kakubwereza pa maola 23 ndi mphindi 56. Chinthu cha padziko pano, kaya makina a fakitale kaya magetsi a m'tauni, chikanatsatira wotchi ya maola 24. Dzuwanso chimodzimodzi. Chosunga nthawi ya nyenyezi chiyenera kukhala kutali pakati pa nyenyezi. Mu 1933 analengeza kuti phokosolo likuchokera chapakati pa Mlalang'amba, ndipo kufufuza zakuthambo pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi kunayambira pamenepo.

Bambo a Tiya: Ndiye kuti anachita ngati mmene achitira a Nankhoma, kungoti iye ankamvetsera.

Che Msodzi: Ndili ndi lina. Akuluakulu ankati Nsangwe zikaoneka ndiye kuti mvula yayandikira, konzani makasu. Ngati nyenyezi zimangofulumira mphindi zinayi mosasamala kanthu, mvula zimaidziwa bwanji?

Mphunzitsi Wopuma: Siziidziwa a Che, koma ndi kalendala yodalirika. Kumayambiriro kwa Okutobala Nsangwe zimatuluka 9 koloko usiku itapitirira. Pofika pakati pa Novembala zimatuluka dzuwa likangolowa, cha m'ma 6:15. Zimenezi zimachitika masiku omwewo chaka ndi chaka, ndipo zimakumana ndi nthawi imene mvula imakonda kuyamba kuchigawo chapakati ndi chakum'mwera. Munthu wopanda kalendala ya pakhoma akaona kuti Nsangwe zikutuluka kukangoda amadziwa mwezi umene ali. Koma mvula ikachedwa mpaka Disembala, Nsangwe sizichedwa nayo limodzi.

Nankhoma: Agogo anga sankanena za madzulo. Ankati zikaoneka mbandakucha ndiye kuti chisanu chafika.

Mphunzitsi Wopuma: Zimenezonso zikugwirizana. Chakumapeto kwa Meyi dzuwa limakhala mbali yomweyo imene kuli Nsangwe, ndiye sizioneka. Kenako mphindi zinayi zija zimazitulutsa patsogolo pa dzuwa pang'onopang'ono, ndipo mu Juni zimayamba kuoneka kum'mawa kusanache, nthawi ya chisanu ndithu. Ndi nyenyezi zomwezo, wina akuziwerengera m'mawa, wina madzulo.

Che Msodzi: Kwathu kuno ankanena za mvula, za chisanuzo ndikuzimva lero. Komanso ankati zikamaoneka mbuu ndiye mvula ikhala yovuta chaka chimenecho.

Mphunzitsi Wopuma: Kuoneka mbuu kumachokera ku mpweya wathu womwewu, utsi, fumbi kapena mitambo yopyapyala, osati ku nyenyezizo. Ngati pali mgwirizano ndi mvula ya kwanuko, pangafunike munthu wolemba zimene waona zaka zambiri zotsatizana.

Che Msodzi: Amalume anga akadali moyo, ali ndi zaka zambiri pamadzi. Ndikawafunsa Loweruka kuti ankayang'ana nthawi yanji kwenikweni.

Nankhoma: Aphunzitsi, ife tikufuna tipitirize mpaka masiku 30 kuti tiyandikire 3:56. Tipitirize ndi nyenyezi yomweyi?

Mphunzitsi Wopuma: Sikufikitsani. Werengerani: dzulo inabisala 7:13, pakatha masiku 10 izibisala 6:34, kumadzulo kudakali kuwala, ndipo pakatha masiku ena ochepa simudzaionanso chifukwa dzuwa limadutsa pafupi ndi Antaresi kumayambiriro kwa Disembala. Pitirizani nayo mpaka pamene ikuonekabe, mwina sabata ina. Kuti mupeze masiku 30, yambani ndi nyenyezi imene ikubisala mochedwa, cha m'ma 9:30, kuti maola awiri akachokapo kukhale kudakali mdima. Kumpoto chakumadzulo kuli ina yowala yotchedwa Alitaya, ili ndi tinzake tiwiri, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, ndipo masiku ano imalowa cha m'ma 11. Kabowo kachepetseni, ndipo woyang'ana akhale mwana mmodzi yemweyo masiku onse.

Nankhoma: Mbali imeneyo kuli mtengo wa mapeyala wa aneba, denga kulibe.

Mphunzitsi Wopuma: Ndiye sunthani chitini, osati nyenyezi. Zungulirani bwalo cha m'ma 9 usiku mpaka mutapeza pamene nyenyeziyo ikuoneka ili pamwamba pang'ono pa denga la tchalitchi lomwe lija, muzike mtengo wolimba pamenepo n'kukhomapo chitinicho. Muuzike mozama, chifukwa mvula ikagwa nthaka n'kufewa, mtengo ukapendekeka pang'ono chabe ziwerengero zonse muyambiranso.